Ndinapatsa moni amalume ndili chiimire, nkhani ya munda yaima

Mnyamata wa ku Mowatizi: Abale pagulu pano ndithandizeni maganizo chifukwa mutu wanga sukugwira. Ine kwathu ndi ku Makanga, mudzi wina kupitirira Furankungo, koma ndakhala ku Mowatizi zaka 9 tsopano, ndimagwira ntchito ku malasha. Amayi anatisiya chaka chatha, ndiye pali munda wawo wa mahekitala awiri umene ndimafuna ndiyikemo munthu azilima fodya ndi chimanga kuti alongo anga awiri azipezapo kanthu. Munda umenewu oyang'anira ndi amalume, achimwene awo a amayi. Sabata yatha ndinapeza feriya ya masiku 5, ndakwera shapa mpaka Furankungo, ndabwereka njinga yamoto kwa mnzanga, ndafika pakhomo cha m'ma 3 koloko. Ndawapeza amalume ali pansi pa mango ndi madoda awiri akusoka mphasa. Ndatsika, ndapita pomwepo, ndawapatsa dzanja onse atatu, bondiya tiyu muli bwanji, ndawapatsa jumbo ya shuga ndi sopo ndi mafuta ophikira, kenako ndayamba kufotokoza za munda poti nthawi inali yochepa. Iwo angoti "tamva bwana, tidzakamba." Basi. Ndakhala masiku atatu, nkhani osayambika, m'mawa akulawirira kudimba, madzulo akuti atopa. Pobwerera mlongo wanga akundiuza kuti akuti ndinawapatsa moni ngati wapolisi. Koma zoona munda wa amayi anga ungaime chifukwa sindinagwade?? Mu 2000 ndi chakuti muno?

Kabaza wa pa Kalomwe: kkkkkk bondiya, moni wa m'mawa, 3 koloko masana achimwene?? ngakhale Mpwitikizi akanakubwezani

Mnyamata wa ku Mowatizi: Aaa inuyo musandiseke, pakamwa panazolowera, kuntchito timangoti bondiya bondiya aliyense.

Bambo a Tadala: Apa palibe zokambirana. Wamkulu aliyense umagwada, mawondo onse awiri pansi, mwamuna kaya mkazi, ndiye mwambo wathu. Ana a masiku ano mukangolandira kametikali basi mwayesa mwafika. Bwererani mukagwade, munda mupatsidwa tsiku lomwelo.

aNabanda a ku Domwe: Bambo a Tadala mwanena zoona theka. Mwamuna wamkulu wa ndevu zake sagwada mawondo awiri kwa amalume ake, akatero anthu ayesa kuti wapalamula mlandu waukulu wabwera kudzapepesa, mwina wapereka mimba kwa mwana wa eni. Mwamuna amanjuta, kapena kukhala pansi, kapena akakhala panjira amawerama pang'ono ataphatikiza manja. Kugwada kwenikweni n'kwa ife amayi ndi ana.

Koma mwana wanga wa ku Mowatizi, ine ndawerenga kawiri zimene walembazi ndipo vuto si bondo ayi. Ndikuwerengere m'mene zinakhalira ukaona wekha. Njinga unaimika pati?

Mnyamata wa ku Mowatizi: Pafupi ndi mtengo womwewo amayi. Mwina mamita atatu.

aNabanda a ku Domwe: Ehee. Ndiye fumbi lonse ndi utsi zinapita pamphasa imene akusokayo. Ndipo chipewa cha njinga chija unavula usanawapatse dzanja kapena utawapatsa?

Mnyamata wa ku Mowatizi: Ndinangokweza galasi lakutsogolo lija.

aNabanda a ku Domwe: Mayo ine. Chabwino, tamvera. Munthu ukafika pakhomo pa wamkulu, njinga umazimitsira kunja kwa bwalo, uko kumene kwathera posesa, n'kuyenda wapansi. Chipewa chili m'manja. Ukafika poti akukuona umaima n'kunena odi, osapitirira mpaka ayankhe. Akayankha sulunjika pamene akhala iwo, umapita chapambali n'kunjuta, kapena kudikira mwana akubweretsere mpando kapena mphasa. Apa ndiye pamene ana a m'tauni mumasokonezeka, chifukwa pamakhala kachetechete pang'ono, mwina mphindi imodzi mwina ziwiri, inu mumayesa kuti anthu akwiya ndiye mumayamba kulankhula kuti mutseke dzenjelo. Kachetechete kameneko ndi kako mlendo, akukupatsa mpata upume, thukuta liume. Moni pakhomo amayambitsa ndi mwini khomo. Iwe sunabwere ndi moni, wabwera kudzaulandira. Amalume ako akanati "tikuoneni", kapena kukuitana ndi mfunda wako, iwe n'kusendera chonjuta, dzanja lamanja kutsogolo lamanzere litagwira mkono, mutu wako usapitirire mutu wawo. Ukatero n'kubwerera pamalo pako. Kenako madoda awiri aja aliyense akupatsa moni wake payekha, ngakhale wamva kale kuti uli bwino, ndipo iwe uyankha aliyense ngati ndi woyamba, ukuomba m'manja pang'onopang'ono manja atakhala ngati chikho, osati kuomba kwa ku mpira.

Zikatha izo ndiye amafunsa malonje. "Kaya kumene mwachokako?" Iwe umafotokoza ulendo, wanyamuka liti, wasiya ana ali bwanji, mvula ku Mowatizi yagwa kapena ayi. Iwo nawo akuuza za pamudzi, amene wadwala, amene anamwalira iwe kulibe, ndipo pamenepo umapepesa maliro amene sunabwere. Za munda sizilowa m'malonje. Umangoti "ndabwera kudzakuonani, komanso pali kamawu kamene ndidzapemphe mpata mawa." Basi. Iwo adziwa kale kuti ndi munda, suyesa kuti sadziwa.

Tsono iwe unaima pamwamba pa anthu atatu okhala pansi, nkhope yobisika, ukuwayang'ana pa liwombo, n'kutula jumbo, n'kutchula munda pamaso pa anthu awiri amene si a mbumba yanu. Kwa iwo zinaoneka ngati wabwera kudzagula munda ndi shuga, mboni zili pomwepo.

Mnyamata wa ku Mowatizi: Eish. Za jumbozo sindinaganizeko n'komwe. Ndiye ndikanaipereka bwanji?

aNabanda a ku Domwe: Ikanatsala panjinga, mwana akanaitenga kupita nayo kwa akazi awo a amalume kukhitchini, kapena ukanaipereka madzulo malonje atatha. Iwo akanabwera okha kudzathokoza. Katundu saperekedwa mpweya umodzi ndi pempho.

Nesi wa ku Matundo: Ine ndilankhuleko ngakhale mundinyoze. Nkhani izi zimakoma zikamakambidwa za amuna, poti mwamuna akanjuta masekondi khumi wamaliza. Ife akazi ndiye timagwada popereka moni, popereka madzi osamba m'manja, popereka nsima, pochotsa mbale, poitanidwa, tsiku limodzi kakhumi kapena kupitirira. Ine nditapita kwa apongozi anga ku Tsangano ndili ndi mimba ya miyezi 8 ndinagwada pa dothi lozizira lija mwezi wa Juni, podzuka ndinachita kugwira khoma, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe anati mwana iwe khala pampando. Amuna anga ali pampando akumwa tiyi. Ndiye mukamati ulemu ulemu, muzinenanso kuti mtengo wake amalipira ndani.

Bambo a Tadala: Amayi athu anagwada ali ndi mimba za mapasa, anafa?

Nesi wa ku Matundo: Bwerani kuchipatala mudzaone mawondo awo bambo.

aNabanda a ku Domwe: Anesi simunaname, ndipo apongozi anuwo analakwa, ndinena mosabisa. Mwambo womwewo uli ndi mbali ya wamkulu. Mwana akayamba kutsika kuti agwade, wamkulu wodziwa amaona kuti uyu ndi wodwala, uyu ndi woyembekezera, apa pali matope, n'kunena msanga "basi basi mwanangu, taona, khala apa." Wamng'ono amayamba, wamkulu amamasula. Ine mpongozi wanga wamkazi ali ndi pakati ndinamuletsa, ankangopinda bondo pang'ono ataphatikiza manja ndipo palibe anati ndi wamwano. Amene amasiya mwana wa eni ali chigwadire mpaka amalize kumwa tiyi akungofuna kuonetsa mphamvu, ndipo akuluakulu anzake amamuona.

Koma poti akazi timatsika kwambiri kuposa amuna, izo n'zoona, sindingakutsutseni. Ine ndinakulira momwemo ndipo sizindiwawa, ana anga aakazi awiri wina amachita wina amakana, tonse timadyera mbale imodzi.

Nesi wa ku Matundo: Ine mwana wanga wamkazi ndamuphunzitsa kupinda bondo ndi kulandira ndi manja awiri. Zogwada popereka madzi kwa mwamuna wake ayi, ameneyo adzasankha yekha.

Mlongo Esitere: Amen abale. Baibulo likuti bondo lililonse lidzagwadira Ambuye, ndiye ine sindigwadira munthu wopangidwa ndi dothi, kaya mfumu kaya ndani, kugwadira munthu ndi kupembedza mafano

Kabaza wa pa Kalomwe: asisi nkhani ndi ya munda wa fodya ku Makanga, mafano alowa pati kkkk

Mlongo Esitere: Ndangochenjeza.

Agogo Mbewe: Mdzukulu wanga ndi amene akundilembera, maso anga safika pa tizilembo iti. Ndamva zonse. Ine ndinabadwa nthawi ya Apwitikizi ndipo ndikufuna anyamata adziwe kuti kugwada kulipo kuwiri. Kunali kuja kwa ku positu, mzungu akafika kapena asipayo ake, chipewa pansi, maso pansi, ukachedwa mbalamatodya m'manja mpaka manja kutupa osagwira khasu sabata yathunthu. Bambo anga anatengedwa chibalo ndi mfumu yomwe ankaiombera m'manja. Ndiye ufulu utabwera mu 1975 Felelimo inati zonsezi zathe, mafumu anali zida za atsamunda, tonse ndife makamarada, m'midzi munalowa masekeretaliyo. Ife anyamata a nthawi imeneyo tinakondwa, ndinaimapo ine pamaso pa nyakwawa manja m'thumba ndikumva kukoma. Sindinama.

Kenako nkhondo. Tinathawira ku Dedza, tinakhala kumeneko mpaka mtendere wa 1992 utasainidwa, ndipo pobwerera ndi pamene ndinaona chimene ndikufuna kukuuzani. Minda inali tchire, mitengo itamera m'mizere, malire osaoneka, ena abwera ndi ana obadwira ku Malawi osadziwa ngakhale pamene panali nkhokwe ya agogo awo. Pepala panalibe. Amene ankadziwa kuti munda wa uje umathera pa chulu chija, wa uje umayambira pa mkuyu, anali nkhalamba zochepa zimene zinatsala ndi moyo. Munthu wofuna malo a makolo ake ankapita kukakhala pansi pamaso pa nkhalamba zimenezo. Boma lomwe linadzaona kuti popanda mafumu sizikuyenda, mu 2000 linatulutsa lamulo lowazindikiranso, mpaka kuwapatsa yunifomu ndi mbendera.

Tsono mnyamata wa ku Mowatizi, munda wa amayi ako uli ndi pepala?

Mnyamata wa ku Mowatizi: Ulibe agogo. Minda yonse kumeneko ilibe.

Agogo Mbewe: Ndiye pepala lako ndi amalume akowo. Tsiku lina wina akadzalowa mizere isanu m'munda umenewo iwe uli ku malasha, amene adzaime pabwalo kwa mfumu kunena kuti malire ndi apa ndi iwowo. Asanakuikire kumbuyo akufuna adziwe kuti ukubwera ngati mwana wa mlongo wawo kapena ngati bwana. Njira yoti adziwire ndi m'mene wakhalira pansi. Wamva iwe wekha anakuitana kuti chiyani.

Mnyamata wa ku Mowatizi: Anati bwana. Ine ndinayesa akundilemekeza poti ndili pantchito.

Kabaza wa pa Kalomwe: ayi achimwene pamenepo anakumenyani ndi chikwanje chokulunga mu kapulana kkkk. malume akakuti bwana thawa

aNabanda a ku Domwe: Akabaza akuseka koma ndi zoona. Wamkulu sakuuza kuti walakwa, umaonera zizindikiro. Akakuitana bwana kapena alendo a ku Tete m'malo mwa dzina lako kapena mfunda wako. Ukafunsa muli bwanji iwo n'kungoti "tilipo" osabweza kuti kaya iwe. Akapanda kukufunsa malonje. Nsima akakupatsa wekha m'nyumba pa tebulo ndi supuni pamene amuna anzako akudyera limodzi panja. Zimenezi ukaziona usadikire masiku atatu. Unadya kuti masiku amenewo?

Mnyamata wa ku Mowatizi: M'nyumba. Ndekha. Anandiphera nkhuku ndithu.

aNabanda a ku Domwe: Nkhuku ya mlendo imeneyo mwanangu. Mwana wa pakhomo amadya nkhwani ndi eni ake.

Mphunzitsi wa ku Zobwe: Pepani ndilowererepo pa mfundo imodzi ya aNabanda, yoti moni amayambitsa mwini khomo. Ife kusukulu timaphunzitsa ana kuti wamng'ono ndiye ayambe kupereka moni, mphunzitsi akalowa onse amaimirira n'kunena bondiya limodzi. Ndiye mwana yemweyo akapita kwawo akuyenera kukhala pansi n'kudikira. Kusukulu ulemu ndi kuimirira, kumudzi ulemu ndi kutsika. Mnyamatayu sanachite mwano, wachita ulemu wa kusukulu ndi wa kuntchito pamalo polakwika. Ndipo ngakhale m'midzi momwemo sizifanana, kwathu kuno mwana akakumana ndi wamkulu panjira n'kungokhala chete kudikira moni timati ndi wamwano.

aNabanda a ku Domwe: Panjira ndi nkhani ina aphunzitsi, ine ndimanena za pakhomo. Panjira wamng'ono amapatuka, ngati ali panjinga yakapalasa amatsika kapena kuchepetsa liwiro, n'kunena "wawa" kapena "zikomo" akuwerama. Ameneyo si moni wathunthu, ndi kungosonyeza kuti ndakuonani. Wamkulu akafuna ndiye amaima n'kufunsa za moyo. Koma kufunsa wamkulu kuti muli bwanji uli chiimire iye atakhala, kwathu kuno ayi.

Mphunzitsi wa ku Zobwe: Kwathu kuno mwana amatha kufunsa, bola wanjuta. Mwina ndi kusiyana kwa madera, kwanuko Chingoni chachuluka.

aNabanda a ku Domwe: Mwina. Kuno kwa inkosi amuna amavula zipewa n'kunena Bayethe, zimene ku Makanga simungazimve. Koma zoti mutu wa mwana usakhale pamwamba pa mutu wa wamkulu wokhala pansi, ndayenda ku Chifunde, ndapita ku Kulamba ku Mkaika kwa Gawa Undi kumene kumasonkhana Achewa a maiko atatu, sindinaone kumene amazichita mosiyana.

Kabaza wa pa Kalomwe: ine zimenezi ndimadyera. pa sitandi tilipo anyamata ambiri njinga zofanana mtengo umodzi, koma azigogo akamachokera ku chigayo kapena ku msika wa ku Ulongwe amadikira ine ngakhale ndili ndi kasitomala wina. chinsinsi palibe, ndimazimitsa njinga, kutsika, kuvula chipewa, kulandira thumba ndi manja awiri, ndalama kulandiranso ndi manja awiri. anzanga amangoliza hutala ali pampando "tiyeni mayi tiyeni". ndiye amati ndili ndi mankhwala kkkk

Mtsikana wa pa Yunivesite: Funso langa ndi la m'tauni. Ine ndimakhala kwa azakhali ku Tete ku bairu ina, anthu ambiri ndi Anyungwe, ena Asena, ena ochokera ku Maputo. Tsiku lina ndinakumana ndi agogo ena a kwathu ku Angoniya pa merikadu, anthu ali pikitipikiti, pansi pali madzi a nsomba. Ndinangopinda bondo n'kugwira mkono, anzanga a kusukulu anandiseka mpaka pa shapa, akuti ndine wa kumudzi. Agogowo nawonso ndamva anakauza amayi kuti mwana wanu wasintha sanagwade. Ndiye uchite chiyani, uku akuseka uku akudandaula.

Nesi wa ku Matundo: Ndi zimene ndikunenazo. Mtsikana sapambana.

aNabanda a ku Domwe: Unachita bwino, ndipo agogowo akanakhala pano ndikanawauza. Pamsika, mu shapa, mu ofesi, pa mzere wa ku banki, kupinda bondo ndi kugwira mkono kwakwana. Chimene ukanawonjeza ndi mawu, kunena kuti "agogo pepani malo ano ndi oipa, ndidzabwera kudzakuonani kumene mwafikira", n'kupitadi madzulo kapena mawa lake kukawapatsa moni wokhala pansi. Moni wa pamsika ndi chikole chabe. Anthu akale amadandaula akaona kuti chikolecho ndiye chonse.

Za anzako osekawo sindikudziwa ndinene chiyani. Anyungwe eni ake kwawo amaomba m'manja ndi kutsika ndithu, amene akusekawo ndi ana a m'tauni, akapita kwa agogo awo amachita zomwezo mobisa.

Bambo a Tadala: Ine ndimagwirabe mawu anga, akagwade. Zonjuta zonjuta ndi zomwe zikuonongetsa dziko.

Agogo Mbewe: Bambo a Tadala, inu munagwadapo mawondo awiri kwa atsibweni anu?

Bambo a Tadala: Nthawi ya ukwati wanga ndinagwada.

Agogo Mbewe: Pa ukwati, pamaso pa ankhoswe, polandira malangizo. Tsiku wamba?

Kabaza wa pa Kalomwe: bambo a Tadala atuluka pa intaneti kkkkkk

Mnyamata wa ku Mowatizi: Chabwino ndamva, ndalakwa ndavomera, ngakhale mumtima ndikuonabe kuti akanangondiuza kuti mphwanga vula chipewa khala pansi, nkhani ikanatha tsiku lomwelo, m'malo mondisunga masiku atatu ngati nkhuku yogula. Koma tsopano ndikonze bwanji? Ndiwaimbire foni ndipepese? Kapena nditumize kandalama pa foni?

aNabanda a ku Domwe: Ndalama usayerekeze, udzakhala wathira mchere pachilonda, adzati bwana walipira faindi. Foninso ayi, pa foni munthu sakuona kuti wakhala bwanji. Kodi alipo mlongo wawo wina wa amalumewo, amayi ako aang'ono kapena aakulu?

Mnyamata wa ku Mowatizi: Alipo amayi aang'ono, amakhala mudzi womwewo kutsidya kwa dambo.

aNabanda a ku Domwe: Yambira kumeneko. Ufike kwa iwo kaye, uchite zonse ndakuuza zija, uwauze kuti ndinafika moipa kwa amalume ndipo ndikuchita manyazi. Iwo ndiye adzapita madzulo kukanena kuti mwana uja wabwera, akuti ulendo watha anafika ngati wothamangitsidwa. Iwe upite m'mawa mwake, wapansi, iwo ali patsogolo. Usakayambe ndi pepani wambiri, kunjuta kwako ndi kudikira kwako ndiko kupepesa, iwo adzaona. Ndipo tsiku limenelo za munda usatchule ngakhale pang'ono. Ngati ali kudimba pita nawo, nyamula khasu kapena ndowa. Upemphenso kuti akuperekeze kumanda kwa amayi ako ngati mwambo wa kwanuko ukulola, chifukwa ndikukayika ngati ulendo watha unafunsako.

Mnyamata wa ku Mowatizi: Sindinafunse.

Agogo Mbewe: Mlongo wawo ameneyo. Iwe wataya mayi, iwo ataya mlongo amene anakula naye. Chaka sichinathe bwino, mwana wake akubwera mawu oyamba ndi munda.

Mphunzitsi wa ku Zobwe: Koma tinenenso chilungamo abale, alipo amalume ena amene amabisala kumbuyo kwa mwambo pamene munda akuufuna okha. Fodya ali ndi ndalama. Mnyamatayu akhoza kunjuta mpaka miyendo kuchita dzanzi munda osaupeza. Zikatero ulemu wachita, koma nkhani ipite kwa nyakwawa, alongo akewo ndiye eni munda kuchikazi.

aNabanda a ku Domwe: Zimachitika aphunzitsi. Koma akapita kwa nyakwawa lero, funso loyamba lidzakhala lakuti munakhala pansi ndi amalume anu? Ndipo madoda awiri aja anaona zonse.

Mnyamata wa ku Mowatizi: Abale ndabwerera, pepani ndinasowa masabata atatu. Ndinapempha Loweruka ndi Lamlungu ndinapita. Ndinachita monga ananenera aNabanda, kuyambira kwa amayi aang'ono, amene anayamba andikalipira kaye ola lathunthu. M'mawa tinapita wapansi, ndinati odi patali, ndinanjuta pambali pa nkhokwe. Anandisiya pamenepo ndithu, sindikudziwa mphindi zingati koma miyendo inayamba kunjenjemera, buluku la jinzi silinapangidwire zimenezi. Kenako anati "Phiri, wabwera?" n'kuuza mwana abweretse mpando, ine ndinakana mpando ndinakhala pamphasa. Malonje anatenga nthawi yaitali, anandiuza maliro anayi amene sindinamve n'komwe. Masana tinadyera limodzi panja, nsima ya mgaiwa ndi nyemba. Kumanda anati tidzapita pa nthawi yake ndi abale ena, si zopita awiri.

Za munda sindinatchule. Lamlungu ndikutsanzika ndi pamene anati okha, hekitala imodzi ya kumtunda alongo ako alime chaka chino, ya kumunsi ndinabwereketsa kale kwa munthu wathira kale manyowa, tidzakamba akakolola. Munthu wake sanamutchule.

Mphunzitsi wa ku Zobwe: Mwaona? Ndinanena ine. Wobwerekayo mumufufuze, ndipo mufunse ngati akulipira ndi kwa ndani.

aNabanda a ku Domwe: Afunse amayi aang'ono, iwo akudziwa. Asafunse yekha.

Nesi wa ku Matundo: Nanga alongo anuwo, eni mundawo, anali pati pokambirana zonsezi?

Mnyamata wa ku Mowatizi: Anali kukhitchini anesi. Wamkulu ndi amene anabweretsa madzi osamba m'manja.

Nesi wa ku Matundo: Atagwada.

Mnyamata wa ku Mowatizi: Eya.

Kabaza wa pa Kalomwe: nanga njinga munaisiya kuti ulendo uno achimwene

Mnyamata wa ku Mowatizi: Kwa amayi aang'ono, kutsidya kwa dambo. Ana anaichotsa mpweya matayala onse awiri, ndinakankha mpaka pa msewu.